Sikirini ikumangozima, kuda kapena kutembenuka yokha? Konzani chonchi

Azakhali anga ali ndi kabenchi ka ejenti ku Chibavi kuno ku Mzuzu, kotumizira ndi kutapira ndalama pafoni, ndiye Loweruka lina nditadutsa ndinawapeza akukalipira foni ngati mwana. Kasitomala waima, iwo akukopera nambala ya meseji ija m'buku, yayitali ija yosakaniza zilembo ndi manambala, angolemba zinayi sikirini yada, kenako yazima. Atsegulenso, alowetse pini, afufuze pomwe analekezera, yazimanso. Akaitsamiritsa pa chitini cha ndalama kuti awerenge bwino, zolembedwa zatembenuka chagonera m'mbali. Anati, "Mwana wanga foni iyi yatha, Lolemba ndikagula ina ku msika wa Taifa." Ndinati azakhali dikirani kaye, mundibwereke mphindi khumi. Foni inalibe vuto lililonse lofuna okonza, ndipo zomwe tinachita tsiku limenelo ndi zomwe ndikulemba apa.

Musanayambe kudinadina mu Settings, dziwani kaye kuti kuzima, kuda ndi kutembenuka zimachokera malo osiyana m'foni, ndipo kuda kokhako kuli ndi zoyambitsa zingapo. Anthu ambiri amangokweza kuwala mpaka kumapeto n'kuika nthawi yayitali kwambiri, vuto silichoka koma batire ndiye yayamba kutha nthawi ya nkhomaliro. Ndiye ikani foni pa tebulo, yoyaka, osaikhudza, muyang'ane. Ikada pang'ono kenako patapita masekondi ochepa n'kuzimiratu, imeneyo ndi nthawi yozimira, kuda kuja ndi chenjezo chabe loti ndikuzima. Ikada koma osazima, makamaka mukasuntha kuchoka padzuwa kupita pamthunzi kapena mukaigwira chakumtunda, ndi sensa ya kuwala. Ikada n'kukhala choncho ngakhale mukweze bwanji, gwirani kumsana kwake, mwina yatentha.

Tiyambe ndi nthawi yozimira chifukwa ndiyo yosavuta. Tsegulani Settings, lowani pa Display, mafoni ena monga Tecno, itel ndi Infinix mupeza akulemba Display & Brightness kapena zofanana nazo. Tsikani mpaka muone Screen timeout, pa mafoni akale amalemba Sleep. Ngati simukuipeza musavutike, pamwamba pa Settings pali pofufuzira, lembani timeout ikutengerani pomwepo. Pa Samsung mupeza masekondi 15, masekondi 30, mphindi 1, 2, 5 ndi 10, mafoni ena a Android amafika mphindi 30. Ya azakhali inali pa masekondi 15, ndipo munthu wovala magalasi, akulemba ndi bolopeni kwinaku akuyankha kasitomala, masekondi 15 si kanthu. Tinaika mphindi 2.

Bwanji mphindi 2 osati 10? Pa foni ya ejenti ine sindingalole kupitirira apo. Pa benchi pamadutsa anthu ambiri, mukatembenuka kuti mutenge chenji m'chikwama foni yatsala yotsegula, mameseji onse a ndalama ali poyera, ndipo wina akaitola ili yoyaka sakufunikanso pini yotsegulira. Komanso sikirini ndi chimodzi mwa zinthu zomwe zimadya batire kwambiri m'foni, ndiye ngati mumaitsegula kambirimbiri patsiku ndipo nthawi iliyonse ikutsala yoyaka mphindi 10 pachabe, madzulo musadabwe. Kwa munthu wamba mphindi 1 imakwana. Mphindi 5 kapena 10 ndi za nthawi yomwe mukuwerenga manotsi, kuphika mukutsatira malangizo pafoni, kapena kuphunzira nyimbo ku kwaya mawu ali pa sikirini, mukamaliza mubwezeretse. Ndipo chizolowezi chomwe ndinawapempha azakhali ndi chakuti akamaliza ndi kasitomala adine batani la m'mbali, osadikira kuti izime yokha. Onetsetsani kuti batanilo likutsekadi foni nthawi yomweyo: pa Samsung zili mu Lock screen kenako Secure lock settings, pali poyatsa Lock instantly with Side key, kwina amalemba Power button instantly locks.

Tsopano apa ndi pomwe ambiri amagwa ulesi. Tinaika mphindi 2, tinaiika pa benchi, ndikuwerenga chamumtima, isanakwane ngakhale mphindi imodzi yazima. Azakhali akuti waona, ndimanena ine. Ndinayang'ana pamwamba pa kachizindikiro ka batire, n'kuona kuti njira yosungira batire ndi yoyatsa. Iwo anaiyatsa tsiku lina magetsi atazima usiku wonse foni osachajidwa, n'kuiwala kuzimitsa, papita masabata. Njira imeneyi ikakhala yoyatsa mafoni ambiri amafupikitsa okha nthawi yozimira, kawirikawiri kufika masekondi 30, amachepetsanso kuwala, ndipo zomwe mwasankha mu Display samazilabadira. Kuti muizimitse kokerani chala kuchokera pamwamba pa sikirini kupita pansi kawiri, fufuzani Power saving kapena Battery Saver, ikhudzeni izime. Ngati palibe pamenepo lowani Settings kenako Battery. Muli momwemo onaninso ngati inaikidwa kuti iziyaka yokha batire ikafika pa mlingo wina, chifukwa ngati zili choncho vutoli lizibwera madzulo aliwonse inu n'kumaganiza kuti foni ili ndi nthawi yake yopenga. Pa Samsung mukalowa mkati mwa Power saving pali mzere wolembedwa Decrease brightness by 10%, mutha kuzimitsa umenewo wokha ngati mukufuna kusunga batire koma osadetsa sikirini.

Titazimitsa, mphindi 2 zija zinayamba kugwira.

Chinthu china chomwe ma ejenti amasokoneza: mukamagwiritsa ntchito manambala oyamba ndi nyenyezi aja, monga *211# kapena *444#, kabokosi kaja kamatha nthawi kokha mukachedwa kuyankha. Nthawi imeneyo imawerengedwa ku netiweki, si ya sikirini yanu, ndiye ngakhale muike mphindi 30 mu Display sizisintha. Konzekeranitu nambala ya kasitomala ndi ndalama zake musanayimbe.

Tibwere pa kuda, komwe ndi nkhani yayitali pang'ono. Pamwamba pa foni, pafupi ndi kamera yakutsogolo ndi kasipika komwe mumaika khutu, pali kasensa kakang'ono koyeza kuwala kwa malo omwe muli. Mukakhala padzuwa kamauza foni kuti iwalitse kwambiri, mukalowa m'nyumba kamati chepetsa. Pa Android zimenezi zimatchedwa Adaptive brightness, kwina Auto brightness, zili mu Display momwemo. Zikamagwira bwino ndi zabwino ndithu ndipo ine pa foni yanga sindizimitsa. Vuto limabwera kasensako kakamanamizidwa. Nyengo ya kuno ku Mzuzu mukuidziwa, dzuwa latuluka, mphindi zochepa mtambo wakuta, kenako kamvula kowaza, ndiye munthu wokhala panja pansi pa ambulera kuwala kukusintha tsiku lonse, foni nayo ikungokwera n'kutsika. Koma kwa azakhali sikunali kumeneko kokha. Sikirini inali yakuda ngakhale dzuwa likuswa mtengo.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Yatsani Adaptive brightness, kokerani pansi kuti muzione kamzere ka kuwala kaja, kenako tengani foni ina muyatse tochi muwalitse pamwamba pafupi ndi kamera. Dikirani masekondi angapo, kamzere kayenera kusuntha kokha kukwera. Chotsani tochi muphimbe pamalopo ndi chala, kayenera kutsika, ndipo kutsika kumachedwerapo kusiyana ndi kukwera, musafulumire kuweruza. Pa ya azakhali kamzere kankangogwedezeka pang'ono. Nditayang'anitsitsa ndinaona kuti pulotekita yagalasi yomwe anawaikira inali ya mtundu wina wa foni, ya mkombero wakuda, ndipo mkomberowo unaphimba theka la pamalo pa sensa, kuwonjezera apo m'mphepete munali mutamatuka fumbi n'kulowa, lofiira lija la m'misewu yathu. Foni inkaona ngati nthawi zonse kuli madzulo. Tinaichotsa pulotekita, kupukuta ndi kansalu kofewa, kuyesanso ndi tochi, kamzere kanathamanga mpaka kumapeto. Pokagula ina uzani woika kuti akupatseni ya foni yanu yeniyeni, ndipo yesani ndi tochi muli pomwepo musanalipire. Kava nayonso, makamaka ya chivundikiro kapena ya milomo yokhuthala, imachita zomwezi.

Ngati sensa ili bwino koma kusinthasintha kuja kukukutopetsani, muli ndi njira ziwiri. Yoyamba ndi kuzimitsa Adaptive brightness n'kuika kuwala nokha. Kwa munthu wogwira ntchito pamalo amodzi ngati azakhali ndi zomwe tinasankha, tinaika chapakati kupitirira pang'ono, dzuwa likakula amakweza okha. Dziwani chabe kuti usiku ikuthobwani m'maso mukaiwala kutsitsa, komanso mukatuluka m'nyumba kuwala kuli kotsika kwambiri padzuwa simuona kalikonse, mudzachita kuphimba ndi dzanja kuti mupeze kamzere. Yachiwiri ndi kuisiya yoyatsa n'kuiphunzitsa. Kuyambira pa Android 9, ya mu 2018, foni imakumbukira mmene mumakonzera kamzere pa kuwala kosiyanasiyana, ndiye ikada inu kwezani, mawa ikadanso kwezaninso, pakapita masiku imayamba kutsatira. Koma imaphunziranso zolakwika, ngati mwana amaseweretsa foni n'kumatsitsa kamzere ndiye kuti akuiphunzitsa iyeyo.

Pali kuda kwina komwe Settings singathandize, kwa kutentha. Foni ikatentha kwambiri imachepetsa yokha kuwala kuti idziteteze, ndipo mukakweza kamzere sikirini siyankha kwenikweni. Kuno kozizira sizichitika pafupipafupi, koma siyani foni pa benchi padzuwa la Okutobala, kapena pa dashibodi ya galimoto mukutsika ku Nkhata Bay mapu ali otsegula chaja ili mkati, muona. Mankhwala ake chotsani pa chaja, vulani kava, ikani pamthunzi, tsekani vidiyo kapena gemu, mudikire. Musaiike mu firiji chonde, chinyezi chimalowa mkati. Ikazizira kuwala kumabwerera kokha. Ngati ikutentha ilibe chomwe ikuchita, kapena kumsana kwayamba kutukumuka, siyani kuichaja mupite nayo kwa okonza, imeneyo ndi batire.

Onaninso tiwiri iti mwachangu. Extra dim, yomwe inabwera ndi Android 12, imadetsa sikirini kupitirira pomwe kamzere kamalekezera, imakhala mu Accessibility ndipo nthawi zina pa timabatani tapamwamba tija, munthu amaikhudza mwangozi. Kenako Eye comfort shield, kwina Eye care kapena Night Light, imeneyi imapangitsa sikirini kuoneka yachikasu ndipo ikhoza kuikidwa kuti iziyaka yokha dzuwa likalowa. Ngati foni imasintha mtundu nthawi yofanana madzulo aliwonse yambirani pamenepo.

Nanga ija yoti mukumvera voisi pa WhatsApp sikirini n'kuzima, mawu n'kusamukira ku kasipika kakang'ono? Ameneyo ndi sensa wina, woona ngati chinthu chayandikira, ntchito yake ndi kuzimitsa sikirini mukaika foni pakhutu kuti tsaya lisadine zinthu. Ali kumtunda komweko. Chala chikadutsa pamenepo foni imaganiza kuti ndi khutu. Gwirani foni chakumunsi pomvera, ndipo ngati zikuchitikabe, kapena mukaimba foni sikirini sikuyakanso mpaka winayo adule, bwererani ku nkhani ya pulotekita ndi fumbi ija.

Tsopano kutembenuka. M'foni muli sensa yomwe imamva mbali yomwe foni yapendekera, ndipo Auto-rotate ikakhala yoyatsa chithunzi chimatsatira. Sensayo sidziwa kuti inu mwagona chammbali pabedi, kapena muli pa kabaza mukukwera chitunda msewu uli ndi mabampu, kapena mwaitsamiritsa pa chitini. Imangoona kupendekera basi. Kokerani pansi kuchokera pamwamba, fufuzani Auto-rotate, ikhudzeni izime. Pa Samsung batani lomwelo limasintha dzina, likazima limalemba Portrait ndi kachizindikiro ka loko. Chenjerani apa, izimitseni foni ili choimirira, chifukwa pa Samsung mukaizimitsa ili chogona imakhoma pa Landscape, ndiye muzidabwa kuti bwanji zonse zagona osadzukanso. Zikatero yatsaninso, imikani foni, zimitsani.

Anthu amaopa kuzimitsa poganiza kuti mpira kapena filimu aziwonera pa kachithunzi kakang'ono. Ayi. Mu YouTube ndi mapulogalamu ambiri a vidiyo muli kabatani ka sikirini yonse pakona, mukakadina chithunzi chimagona chokha ngakhale Auto-rotate ili yozima. Komanso kuyambira pa Android 9 yomwe ija, mukagoneka foni Auto-rotate ili yozima pamatuluka kachizindikiro kakang'ono pakona yakumunsi, mukakakhudza ndiye imatembenuka, mukapanda kukakhudza imakhala momwe ilili. Kwa ine iyi ndiye njira yabwino kuposa zonse, foni imatembenuka mukaiuza inu. Kamangooneka masekondi ochepa, kakasowa imikani foni mugonekenso. Pa Samsung ngati sikakutuluka, khudzani mawu olembedwa pansi pa batani la Auto rotate lija kapena ligwireni kwa kanthawi, mupeza Rotate button on navigation bar, yatsani. Ndipo pa foni ya ndalama kukhoma kumathandizanso kwina, mapulogalamu ena osapangidwa bwino sikirini ikatembenuka amafufuta zomwe munali mutalemba m'mabokosi, nambala ya kasitomala muyambirenso.

Vuto likakhala losemphana, mwayatsa Auto-rotate koma sikutembenuka, musathamangire kunena kuti sensa yafa. Mapulogalamu ambiri anapangidwa kuti azikhala choimirira basi, ndipo sikirini yoyamba ija ya zizindikiro pa mafoni ambiri siitembenuka. Yeserani pa chithunzi mu Gallery kapena pa Chrome, foni mutaiimika m'manja, chifukwa ikagona chagada pa tebulo sensa siidziwa mbali. Ikakana zimitsani foni muyatsenso. Pa mafoni ambiri a Samsung mutha kuimba *#0*# n'kusankha Sensor, manambala a Accelerometer ayenera kumasintha mukamapendeketsa foni. Akaima chilili, makamaka foni itagwapo kapena kunyowa ndi mvula, pamenepo ndiye ntchito ya okonza.

A iPhone zanu zili chonchi. Nthawi yozimira ili mu Settings, Display & Brightness, Auto-Lock, kuyambira masekondi 30, mphindi 1 mpaka 5, ndi Never. Mukapeza Auto-Lock yatuwa ikukana kudinika, onani batire pamwamba, ikakhala yachikasu ndiye kuti Low Power Mode ndi yoyatsa ndipo imakakamiza masekondi 30, izimitseni mu Battery. Auto-Brightness sili pamodzi ndi kamzere ka kuwala, ili mu Accessibility kenako Display & Text Size, pansi penipeni. Kukhoma kutembenuka tsegulani Control Center, kokerani kuchokera pakona yakumanja kumtunda ngati foni ndi ya Face ID, kapena kuchokera pansi ngati ili ndi batani lozungulira, dinani kaloko kozunguliridwa ndi muvi.

Ena mufunsa kuti bwanji ndikafuna isazime n'komwe kwa kanthawi. Pa Samsung muli Keep screen on while viewing, pa mafoni ambiri ili mu Advanced features kenako Motions and gestures, kamera yakutsogolo imaona ngati mukuyang'ana ndiye siizima. Mafoni ena amaitcha Screen attention. Imafuna kuwala ndi nkhope yolunjika, mumdima kapena foni ikakhala pansi inu mukuiyang'ana chapambali siigwira, n'chifukwa chake kwa azakhali omwe maso amakhala pa buku sitinaidalire. Palinso Stay awake, yobisika mu Developer options. Mumalowa About phone, kudina Build number kasanu ndi kawiri motsatizana, pa Samsung ili mkati mwa Software information, kulowetsa pini, kenako Developer options imaonekera mu Settings kapena mu System. Mukayatsa Stay awake sikirini siizima foni ikakhala pa chaja pokha. Imathandiza foni yokhala pa kauntala mu shopu, koma m'menemo musakhudze zina, ndipo mapulogalamu ena a banki amakana kutseguka Developer options ikakhala yoyatsa, ndiye pa foni ya ndalama ine ndingoti isiyeni. Chinanso, pa masikirini a AMOLED chithunzi chimodzi chikakhala maola ambiri tsiku ndi tsiku chimatha kusiya chipsera chosafufutika.

Pomaliza penipeni ya azakhali inatsala chonchi: Screen timeout mphindi 2, Power saving yozima kupatula tsiku lomwe magetsi avuta, Adaptive brightness yozima kuwala chapakati, Auto-rotate yozima, pulotekita yatsopano yoyenera foniyo. Ndinawalembera zonsezi pa tsamba lomaliza la buku lawo la ndalama, chifukwa mdzukulu wawo amaibwereka madzulo kuwonera makatuni ndipo amayatsanso Auto-rotate, ndiye m'mawa asanatsegule benchi amakokera pansi kamodzi n'kuona ngati timabatani tiwiri tija, ka batire ndi kotembenuza, tili tozima.